Tikiti ya R950 imene imathera pa R2,150

Aliyense amene anadutsapo pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni m'mwezi wa Disembala anaziona izi. Munthu wamkulu, wovala bwino, wagwada pansi patsogolo pa kauntala, sutikesi ili yasa. Akutulutsa nsapato kuika m'chikwama cha m'manja, akutulutsa jekete n'kulivala pamwamba pa jekete linzake ngakhale kunja kukutentha, botolo la mafuta odzola wapatsa wachibale amene anamuperekeza kuti abwerere nalo. Anthu a pamzere akumuyang'ana, ena mwachisoni, ena mokwiya poti nthawi ikutha. Sikelo yanena kuti katundu wapyola, ndipo sikelo ya pabwalo la ndege sinenerera ngati wogulitsa kaunjika.

Kawirikawiri munthu wotereyu sanalakwitse polongedza. Analakwitsa masabata atatu apitawo, tsiku limene anaona mitengo iwiri pa foni, nasankha wotsika osafunsa kuti mtengowo ukunyamula chiyani.

Ife okwera minibasi nkhaniyi siyenera kutidabwitsa. Ukakwera ndi thumba la chimanga, kondakitala amakuuza mtengo wa iwe, kenaka mtengo wa thumba. Mabasi a ku Joni nawo amayeza katundu pa sikelo. Kungoti kwa zaka zambiri ndege sizinkatero. Tikiti inkaphatikiza mpando, chakudya ndi sutikesi yopita kunsi kwa ndege, ndipo anthu anazolowera kuti mtengo umene wauona ndiwo mtengo wa ulendo. Lero pa matikiti ambiri otchipa, mtengo umene ukuoneka ndi wa thupi lako ndi kachikwama kamodzi basi.

Mmene sutikesi inatulukira m'tikiti

Kampani ya ku Ireland ya Ryanair inayamba kulipiritsa masutikesi opita kunsi kwa ndege mu 2006. Ku America zinthu zinatembenuka mu 2008, chaka chimene mtengo wa mafuta unakwera kufika pafupifupi madola 147 pa mgolo. Kampani ya American Airlines inalengeza kuti sutikesi yoyamba izilipiridwa madola 15, ndipo makampani ena akuluakulu anatsatira pasanathe miyezi. Mafuta anatsika mtengo chaka chomwecho chisanathe, koma malipiro a sutikesi sanachoke. Anangokwera. Pofika 2023, makampani a ndege a ku America ankatolera madola opitirira mabiliyoni 7 pa chaka kuchokera ku katundu yekha. Ngakhale Southwest, imene kwa zaka zambiri inkadzitama kuti masutikesi awiri ndi aulere, inagonja mu Meyi 2025 n'kuyamba kulipiritsa madola 35 pa sutikesi yoyamba ndi 45 pa yachiwiri.

Makampaniwa ali ndi zifukwa zomveka. Sutikesi imafuna anthu oilandira, oikweza, oitsitsa, ndipo ndege yolemera imamwa mafuta ambiri. Kampani yotchipa imapanga ndalama ndege ikakhala m'mwamba, kotero imafuna kuti ikatera inyamukenso pasanathe theka la ola, ndipo katundu wambiri amachedwetsa zimenezi. Ku America kuli chifukwa china cha msonkho: boma limadula 7.5 peresenti pa mtengo wa tikiti ya ulendo wa m'dzikomo, koma silidula msonkhowo pa ndalama ya sutikesi. Dola iliyonse imene yachoka pa tikiti kupita pa sutikesi yazemba msonkho mwalamulo.

Koma chifukwa chachikulu, m'kuona kwanga, ndi ife ogula. Masiku ano tikafunafuna ulendo pa intaneti, mitengo imabwera itandandalikidwa kuyambira wotsikitsitsa, ndipo diso limakakamira pa mzere woyamba. Kampani imene yasiya sutikesi m'kati mwa mtengo imatsikira pa mzere wachisanu ndi chitatu pomwe palibe amene amafika. Ndiye aliyense anaphunzira kuvula tikiti mpaka itsale mafupa okhaokha kuti ikwere pamwamba. Ngakhale makampani akuluakulu a maulendo ataliatali tsopano ali ndi matikiti olembedwa kuti Light, Lite kapena Basic. Mukaona mawu amenewa, ganizani kaye kuti sutikesi mulibemo, mpaka mutaona ndi maso anu kuti ilimo.

Tiwerengere pamodzi

Tiyerekeze mayi wina wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ku Cape Town. Akupita kumudzi pa Khirisimasi. Tikiti yochoka ku Johannesburg kupita ku Blantyre ali nayo kale, ndipo imamulola masutikesi awiri. Chatsala n'chakuti achoke ku Cape Town kufika ku Johannesburg, ulendo wa maola awiri. Mitengo imene ndikuika apa ndi yongoyerekeza, chifukwa yeniyeni imasintha tsiku ndi tsiku, koma kamangidwe kake ndi kamene mungakumane nako.

Pa foni pabwera makampani awiri. Yoyamba ikuti R950. Yachiwiri ikuti R1,300. Kusiyana kwake ndi R350, ndalama yogulira ana zovala, ndiye mayiyo wasankha yoyamba. Tsamba lotsatira lamufunsa ngati akufuna kuwonjezera sutikesi, koma iye wadumpha poganiza kuti ndi za anthu a katundu wochuluka mopyola. Pajatu m'mutu mwake muli kale masutikesi awiri aja amene tikiti ya ku Blantyre inamulonjeza.

Tsiku la ulendo wafika ndi masutikesi awiri, ina ya makilo 23, ina ya makilo 17. Wa pakauntala wamuuza mwaulemu kuti, "Mayi, tikiti yanuyi ilibe katundu." Kugula sutikesi pa intaneti kukanakhala R250 yoyamba ndi R400 yachiwiri, koma pakauntala iliyonse ndi R450. Kuwonjezera apo, kampaniyi malire ake pa sutikesi imodzi ndi makilo 20, osati 23, choncho yaikulu ija ili ndi chindapusa cha R300. Tiphatikize: R950 ya mpando, R900 ya masutikesi awiri, R300 ya kulemera. Zakwana R2,150.

Nanga kampani yachiwiri ija imene inaoneka yodula? Mu R1,300 munali kale sutikesi imodzi ya makilo 23. Yachiwiri akanaigula R400. Zonse pamodzi R1,700. Tikiti yotchipa yamudyera R450 kuposa yodula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe tisafulumire kuweruza kampani yoyambayo, chifukwa masamuwa ali ndi mbali ina. Mayiyu akanagula masutikesi onse awiri pa intaneti, n'kuchotsa makilo atatu m'yaikulu kuika m'yaing'ono kuti iliyonse ikhale 20, akanalipira R950, R250 ndi R400, zomwe ndi R1,600. Akanaposa kampani yachiwiri ndi R100. Katundu yemweyo, ndege yomweyo, mpando womwewo, koma mtengo ukhoza kukhala R1,600 kapena R2,150 malinga ndi nthawi imene walipira ndi mmene wagawira makilo. Ndipo mnyamata amene wakhala naye pafupi, wopita ku Joni kukafunsidwa ntchito atangobereka kachikwama kumsana, walipiradi R950 yeniyeniyo. Kwa iye tikitiyo sinaname. Inapangidwira iyeyo. Vuto ndi lakuti Mmalawi wopita kumudzi kapena wochoka kumudzi sakhala munthu wa kachikwama kamodzi.

Ku South Africa kamangidwe kameneka mungakaone pa FlySafair, imene tikiti yake ya Lite imangolola chikwama cha m'manja cha makilo 7, ndipo sutikesi ya makilo 20 imabwera ndi tikiti ya Standard kapena imagulidwa payokha. Kampaniyi siibisa zimenezi, zimalembedwa poyera pogula. Koma zimalembedwa pa nthawi imene mtima wa wogula wakhazikika kale pa mtengo woyamba uja.

Chinthu china chimene anthu amaiwala ndi chakuti ndalama ya sutikesi imawerengedwa pa ulendo uliwonse, kupita payokha, kubwera payokha, munthu aliyense payekha. R250 imamveka yochepa. Banja la anthu anayi, aliyense ndi sutikesi, kupita ndi kubwera, ndi R250 kasanu ndi katatu, yomwe ndi R2,000 imene sinaoneke pa mzere woyamba uja.

Matikiti awiri, malamulo awiri

Msampha umene unakola mayi wa ku Mangochi ndi umene umakola anthu athu ambiri, choncho tiyeni tiunike bwino. Chilolezo cha katundu chimakhala cha tikiti, osati cha munthu kapena cha ulendo wonse umene uli m'mutu mwake. Ukagula matikiti awiri osiyana, wapangana ndi makampani awiri, ndipo lonjezo la mmodzi silimanga mnzake.

Taganizani za namwino amene wapeza ntchito ku Scotland. Wanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe pa Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa mpaka ku London. Pa maulendo ambiri otere kampaniyi imalola masutikesi awiri a makilo 23 iliyonse, n'chifukwa chake apaulendo a m'chigawo chino amaikonda. Ndiye wina wamulangiza kuti kuchoka ku London kupita ku Glasgow kuli ndege zotchipa zedi, mwina mapaundi 30 okha. N'zoona zilipo. Koma pa easyJet chaulere ndi kachikwama kolowa pansi pa mpando ka masentimita 45 x 36 x 20 basi. Masutikesi awiri aja, amene anawoloka Africa yense ndi nyanja popanda kulipira kanthu, tsopano ayenera kugulidwira malo pa ulendo wa ola limodzi ndi theka, ndipo si zachilendo kuti mtengo wa masutikesiwo upose mtengo wa mpando. Nachonso chikwama cha matayala chimene analowa nacho m'ndege yoyamba chakula kuposa muyeso waulere, chikufunanso ndalama yake.

Pali zinanso zosalembedwa pa mtengo. Pa matikiti osiyana, kawirikawiri katundu salumikizidwa mpaka kumapeto. Uyenera kumudikira pa lamba, kutuluka naye, n'kukaimanso pamzere kumupereka kachiwiri. Ku London mwina uyeneranso kusintha bwalo, kuchoka ku Heathrow kupita ku Gatwick kapena ku Luton, ukukoka makilo 46 m'basi yolipira. Ndege yoyamba ikachedwa n'kuphonya yachiwiri, kampani yachiwiriyo ilibe nawe mlandu: tikiti yapita, ndalama ya masutikesi yapita nayo. Pamene ukanagula tikiti imodzi yolembedwa Lilongwe mpaka Glasgow, katundu akanamatidwa chizindikiro chofika kumapeto, ndipo ukachedwa ndi udindo wawo kukuika pa ndege yotsatira.

Ngakhale pa tikiti imodzi, makampani awiri akakhalapo funso limabuka lakuti lamulo la yani ligwire ntchito. Bungwe la makampani a ndege la IATA linakhazikitsa njira yake mu 2011. Mwachidule, lamulo limene limatsatidwa ndi la kampani imene yakunyamula pa chigawo chachikulu cha ulendo, chimene chikuwoloka kuchoka m'dera lina la dziko lapansi kulowa lina. Maulendo oyambira kapena othera ku America ndi ku Canada ali ndi lamulo lawolawo: kumeneko kampani yoyamba pa tikiti ndiyo imasankha, ndipo chilolezocho chimakhala chimodzimodzi ulendo wonse. Wapaulendo sayenera kuloweza zonsezi. Zotsatira zake zimasindikizidwa pa tikiti imene ejenti wakutumizira, pambali pa chigawo chilichonse cha ulendo, m'zilembo zing'onozing'ono zimene ambiri sitiwerenga.

Tizilembo ta pa tikiti

Fufuzani pamene palembedwa Baggage kapena Allowance. Mukapeza 2PC, ndiye kuti muli ndi masutikesi awiri. 1PC ndi imodzi. 0PC kapena NIL ndiye kuti mulibe ngakhale imodzi. Mukapeza nambala yotsatana ndi K, monga 23K kapena 30K, ndiye kuti kampaniyo ikuwerenga makilo onse pamodzi, osati chiwerengero cha zikwama. Yang'anani mzere uliwonse, wopita ndi wobwera, chifukwa zimachitika kuti mzere umodzi uli 2PC pamene wina uli 1PC, makamaka ngati mwaima masiku angapo mumzinda wa pakati.

Njira ziwirizi, yowerenga zikwama ndi yowerenga makilo, zimaoneka zofanana koma zimalanga anthu mosiyana. Pa 30K mukhoza kubwera ndi sutikesi ya makilo 18, katoni ya makilo 8 ndi kachikwama ka makilo 4, palibe vuto, bola zonse zisapyole 30. Mukapyola mumalipira pa kilo iliyonse, ndipo mtengo wa kiloyo pakauntala umaluma. Pa makampani otchipa a ku Ulaya umaposa mapaundi 10 pa kilo imodzi.

Pa 2PC nkhani ndi ina. Anthu amaphatikiza m'mutu kuti 23 kawiri ndi 46, ndiye amati, "Ndili ndi makilo 46." Ayi, muli ndi zikwama ziwiri zimene chilichonse sichiyenera kupyola 23. Mukabwera ndi china cha 28 ndi china cha 15, zonse pamodzi ndi 43, simunafike n'komwe pa 46, koma mudzalipira chindapusa pa cholemeracho. Mukabwera ndi zikwama zitatu za makilo 12 chilichonse, zomwe ndi 36 chabe, chachitatucho ndi chowonjezera ndipo chili ndi mtengo wake wathunthu, umene pa ulendo wautali umatha kufika madola zana limodzi kapena mazana awiri. Ndipo chindapusa cha njira imeneyi nthawi zambiri sichiwerenga pa kilo. Wopyola ndi makilo awiri ndi wopyola ndi makilo asanu ndi atatu amalipira chimodzimodzi. N'chifukwa chake munthu uja amagwada pansi kusamutsa nsapato: kilo imodzi ndi theka ikhoza kukhala malipiro a sabata yathunthu.

Nambala ya 23 ikuchokera ku muyeso wa ku America wa mapaundi olemera 50. Inzake ndi 32, yomwe ndi mapaundi 70, ndipo imeneyi ndi khoma. Pa mabwalo ambiri sutikesi yopyola makilo 32 salandira ngakhale mutatulutsa ndalama, chifukwa lamuloli linaikidwa poteteza misana ya anthu onyamula katundu. Amakuuzani kuti muigawe pawiri, ndipo ngati mulibe chikwama china mudzagula cha m'sitolo ya pabwalopo pa mtengo wa pabwalo, kenaka n'kuchilipirira ngati chikwama chowonjezera.

Pali muyeso wachitatu umene sikelo siuona: kukula. Makampani ambiri amati mukaphatikiza utali, mulifupi ndi msinkhu wa sutikesi, zisapyole masentimita 158, kuwerengera matayala ndi chogwirira chomwe. Sutikesi yaikulu wamba ya 75 x 50 x 30 imakwana 155, ili m'kati. Koma zikwama zikuluzikulu za pulasitiki za mizeremizere zija, zikadzazidwa mabulangete mpaka kutupa, zimatha kupyola muyesowu ngakhale zili zopepuka. Chimodzimodzi katoni ya wailesi ya kanema. Ndipo zindapusazi zimatha kusanjikizana: chikwama chimodzi chingalipitsidwe chifukwa n'chowonjezera, chifukwa n'cholemera, ndiponso chifukwa n'chachikulu.

Anthu oyenda pamodzi azifunsanso ngati makilo awo angaphatikizidwe. Makampani ena amalola mwamuna ndi mkazi amene ali pa bukingi imodzi kugawana makilo, ena salola. Osangoganiza kuti poti ndife banja ndiye sikelo idzatimvetsa.

Chikwama cha m'manja chasanduka bwalo la nkhondo

Masutikesi atayamba kulipiritsidwa, apaulendo anachita zimene munthu aliyense wanzeru angachite: anayamba kupanikiza zonse m'chikwama cha m'manja. Mashelefu a m'ndege anadzaza, kukwera kunayamba kuchedwa, ndiye makampani otchipa anayamba kulipiritsanso chikwama choika m'shelefu. Pa Ryanair chaulere ndi kachikwama ka 40 x 30 x 20 kolowa pansi pa mpando. Cha matayala cha makilo 10 chimagulidwa. Wizz Air nayo ndi chimodzimodzi. Pachipata cholowera m'ndege pamakhala kabokosi kachitsulo koyezera. Chikwama chikakana kulowa, ngakhale chifukwa cha tayala lokha, chimapita kunsi kwa ndege pa mtengo wokwera kuposa mitengo yonse, nthawi zina kuposa tikiti imene. Pamenepo palibenso kosamutsira katundu, ndege ikudikira, ndipo amafuna khadi la kubanki.

Nkhaniyi yafika mpaka m'makhoti. Mu 2014 khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, pa mlandu wokhudza kampani ya Vueling, linagamula kuti kulipiritsa sutikesi yopita kunsi n'kololedwa, koma chikwama cha m'manja cha kukula ndi kulemera koyenera sichiyenera kulipiritsidwa. Mkangano watsala pa mawu akuti koyenera. Mu Novembala 2024 boma la Spain linalipiritsa makampani asanu, Ryanair, Vueling, easyJet, Norwegian ndi Volotea, chindapusa cha mayuro 179 miliyoni pamodzi, ndipo china mwa zifukwa chinali kulipiritsa zikwama za m'manja. Makampaniwo anakana chigamulocho n'kukachita apilo. Wapaulendo amene waima pachipata ndi chikwama chokana kulowa m'kabokosi sangadikire oweruza.

Kuno kwathu malire ofala a chikwama cha m'manja ndi makilo 7, ndipo amayeza ndithu ndege ikadzaza. Chikwama cha matayala chopanda kanthu chimadya kale makilo awiri kapena atatu. Ukaikamo laputopu, nsapato ndi buku limodzi, wafika. Komanso si zonse zingasamukire m'manja pothawa sikelo. Zamadzimadzi zopyola mamililita 100 sizidutsa pa chitetezo pa mabwalo ambiri a maulendo a kunja, choncho botolo la Nali kapena la Sobo malo ake ndi m'sutikesi ya kunsi, ndipo tikiti yopanda sutikesi ndiye kuti ndi tikiti yopanda Nali. Mabatire otchajira foni ndiye mosemphana: saloledwa kunsi, ayenera kukhala nanu. Chikwama chanu cha m'manja akachilanda pachipata kuti chipite kunsi, tulutsanimo batire, mankhwala, pasipoti ndi ndalama chisanachoke m'manja mwanu.

Musanadine batani lolipira

Njira yokhayo yofanizira mitengo moona ndi kuyamba ndi katundu, osati ndi tikiti. Dziwani kaye kuti munyamula zikwama zingati, za makilo angati, popita ndi pobwera, chifukwa kawirikawiri sizifanana: wopita kumudzi amanyamula mphatso, wobwerera amanyamula chakudya. Kenaka pa kampani iliyonse pitirizani kugula mpaka tsamba lomaliza, mutaikamo zikwamazo, n'kulemba mtengo umene waoneka pamenepo. Simulipira kanthu pongofika pa tsambalo. Mitengo ya pamenepo ndiyo yoyenera kuifanizira. Nthawi zambiri mudzapeza kuti tikiti yapakati, imene ili ndi sutikesi kale, ikusiyana ndi yotchipitsitsa ndi ndalama yochepa kuposa mtengo wa sutikesi yogula payokha, ndipo mwina ikulolanso kusintha tsiku.

Samalani ndi masamba a pa intaneti ogulitsa matikiti a makampani ambiri. Ena amaonetsa kachithunzi ka chikwama osanena kuti n'cha m'manja kapena cha kunsi, ena amagulitsa sutikesi pa mtengo woposa wa kampani ya ndegeyo. Mukagula, tengani nambala ya bukingi, ya zilembo zisanu ndi chimodzi ija, mukaiike pa tsamba la kampani ya ndege n'kuona chimene chalembedwa kumeneko. Wa pakauntala adzawerenga zimenezo, osati zimene ejenti anakuuzani pa foni. Ngati mukugula kwa ejenti mumzinda, funso lakuti "Katundu alimo?" silokwanira, chifukwa yankho lake ndi "Alimo, bwana" nthawi zonse. Funsani kuti zikwama zingati, makilo angati chilichonse, pa chigawo chiti, ndipo akusonyezeni pa pepala. Onaninso mawu akuti operated by, chifukwa tikiti ikhoza kukhala ya kampani ina pamene ndege ndi ya ina, ndipo pa chikwama cha m'manja lamulo limakhala la mwini ndege.

Mukaona kuti katundu wachuluka kuposa mmene munaganizira, guliranitu malo pa intaneti ngakhale usiku wa ulendo usanafike, chifukwa mtengo umakwera ngati masitepe: wotsika pogula tikiti, wokwererapo pambuyo pake, wokwera pakauntala, wokweretsetsa pachipata. Makampani ena amatseka kugula kwa pa intaneti kukatsala maola angapo.

Sikelo yopachika, ngati ija amayezera nyama kapena chimanga pamsika, imathetsa theka la mavutowa. Siyani danga la kilo imodzi, poti masikelo sagwirizana ndipo ya pabwalo ndiyo yomaliza kulankhula. Yezaninso sutikesi yopanda kanthu. Zikuluzikulu zolimba zija zimalemera makilo anayi kapena asanu zisanalowe kanthu, kutanthauza kuti pa chilolezo cha makilo 20 mwatsala ndi 15 kapena 16 a zinthu zenizeni.

Tibwerere kwa mayi wathu, tsopano mu Januwale akubwerera ku Cape Town. Achibale amusonkhera ufa woyera makilo asanu, mpunga wa kilombero makilo asanu, mtedza, usipa, tiyi wa Chombe ndi zitenje zimene anzake anamutuma. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Johannesburg zonsezi zikwana bwinobwino m'masutikesi awiri. Chigawo chotsala chija ndicho chifuna masamu. Sutikesi yachiwiri, imene mwadzaza chakudya, imudyera R400 ngati aigula pa foni akadali kumudzi. Pa makilo 16 a katundu weniweni, ndiye kuti kilo iliyonse yakwera ndege pa R25. Kwa kilombero, usipa ndi zitenje, zimene ku Cape Town n'zosowa kapena n'zodula, ndalamayo ikumveka. Kwa ufa n'zokayikitsa, pakuti R25 ikhoza kugula kilo ya ufa m'sitolo ya pafupi ndi pamene amakhala, ndipo ngati ufawo ndiwo ukankhire sutikesi kupyola makilo 20, makilo asanuwo amudyera R300 ina. Adzanena kuti ufa wa m'sitolo sufanana ndi wa kumudzi, wokonola, wovuwika, woyanika pa mphasa ndi mayi ake, ndipo sanama. Ndiye usiku womaliza, sikelo itapachikidwa pa phaso la khonde, chimene chikutuluka m'sutikesi kuti ufa ulowe ndi nsapato ziwiri ndi jini imodzi, ndipo mng'ono wake wazilandira kale.